Ikabwera kalata ya kufamase yoti amokisilini wasintha

Anzanga ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za kuno ku Nkhotakota, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa, kalata yochokera kwa katswiri wa mankhwala kuchipatala cha boma si yongokhoma pakhoma. Iwerengedwe pamsonkhano wa m'mawa, olemba mankhwala, anamwino, wopereka mankhwala pawindo ndi alangizi a zaumoyo a m'makiliniki a kumudzi ali pomwepo.

Tiyerekeze kuti kalatayo ikunena zinthu ziwiri. Amokisilini wamadzi wa ana sabweranso, m'malo mwake mulandira mapiritsi osungunuka a mamiligalamu 250. Komanso makapisozi a akuluakulu achepa, ndiye katswiriyo watchula mankhwala ena olowa m'malo.

Tiyambe ndi ana, poti apa m'pamene mlingo umasokonekera. Mankhwalawo ndi omwe aja, chasintha ndi maonekedwe okha. Botolo lija lomwe lili ndi mamiligalamu 125 pa mamililita 5 alionse linatizoloweza kuwerenga timasupuni. Tsono wina amaganiza kuti piritsi limodzi ndi kasupuni kamodzi. Ayi ndithu, piritsi limodzi la 250 likufanana ndi timasupuni tiwiri, mamililita 10.

Mayi wabwera ndi mwana wa zaka 2 wolemera makilogalamu 12, akutsokomola. Mwawerenga mpweya kwa mphindi yathunthu mwana ali phee, mwapeza 46. Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, kufika 40 ndi kupuma mofulumira, ndiye kuti ndi chibayo. Wa makilogalamu 10 mpaka osakwana 14 amamwa mapiritsi awiri m'mawa, awiri madzulo, masiku 5. Mum'werengere mayiyo mapiritsi 20. Wosakwana makilogalamu 10, bola wapitirira miyezi iwiri, amamwa limodzi m'mawa limodzi madzulo, onse pamodzi 10. Sikelo igwire ntchito, osangoyang'ana mwana n'kumuyerekeza.

Mlingo woyamba amwere pomwepo inu mukuona. Ikani mapiritsi m'kakapu, thirani madzi aukhondo pang'ono kapena mkaka wa m'mawere wofinya, dikirani asungunuke, mwana amwe zonse mpaka zotsalira pansi. Muwauze mayi kuti asasungunule onse nthawi imodzi, chifukwa ena atero pokumbukira botolo lija. Kunena zoona, kunyanja kuno kusinthaku n'kotikomera. Wamadzi uja akangosakanizidwa sachedwa kutha mphamvu m'nyumba yamalata mwezi wa Okotobala, pomwe piritsi limakhala bwinobwino m'chikutiro chake mpaka nthawi yomwera.

Mbali ya akuluakulu njofunika mutu, chifukwa apa mankhwala ake ndi ena ndithu. Kalata ingatchule dokisisaikilini, mamiligalamu 100 kawiri patsiku, kapena erithiromaisini, mamiligalamu 500 kanayi patsiku, ndipo masiku ake mutsate omwe alembedwa mogwirizana ndi buku la ndondomeko ya chithandizo la Unduna wa Zaumoyo. Dokisisaikilini saperekedwa kwa mayi woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka 8, choncho funsani za msambo musanalembe. Amwere madzi ambiri, asagone atangomwa, apo ayi amawotcha kummero. Erithiromaisini amapweteketsa m'mimba, ndipo kumwa kanayi patsiku kumavuta kwa msodzi wogona panyanja. Mukapanda kumuchenjeza, asiya tsiku lachiwiri.

Chomwe sichili m'kalata musachiwonjezere. Bakitirimu amapezeka pashelefu kawirikawiri, koma wambiri ndi wa anthu omwe ali ndi HIV, amene amamwa tsiku lililonse podziteza. Mukamugawa kwa aliyense wotsokomola muwamana eni ake, ndipo munthu amene wadwala chibayo ali kale pa bakitirimu, kum'patsa yemweyo n'kutaya nthawi. Fulajilo ndiye sathandiza n'komwe pa chibayo wamba.

Makapisozi otsalawo asungireni amene alibe kolowera, makamaka amayi oyembekezera. Wachimfine wamba safunika mankhwala amtunduwu ngakhale atachonderera. Ndipo musagawe mlingo wa munthu mmodzi kwa anthu awiri pofuna kuti aliyense apite ndi kenakake m'manja: onse awiri sachira bwino.

Mapiritsi atsopanowo akhale ndi sitoko khadi yawoyawo, osawalemba pa khadi ya botolo, kuti lipoti la pamwezi lisonyeze zomwe mukugwiritsadi ntchito. M'buku la kuchipatala la wodwala lembani dzina la mankhwala omwe mwaperekadi.

Mwana uja abwerenso pakatha masiku atatu. Akabwera msanga chifukwa akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena wafooka kwambiri, musasakesake m'kalata mankhwala ena akumwa. M'bayeni jakisoni woyamba monga mwa ndondomeko, lembani kalata yotumizira, muitane ambulansi.