Theka la ndowa si malita 10, tiyeni tiyeze ndowa zathu tisanasakanize mankhwala

Alimi anzanga, nkhani yomwe ndikufuna tikambirane lero ndinaitola ku dimba la kilabu ina komwe ndinapita kukaona matimati. Ndinapeza bambo wina akusakaniza mankhwala opopera, lebulo ya pabotolo inali itanena muyeso wa pa malita 10 a madzi, ndiye iwo anangotenga ndowa yawo yomwe amaitcha ya 20, kuthira madzi mpaka pakatikati poyeza ndi maso, basi nkuthiramo mankhwala. Nditawafunsa kuti bambo mwadziwa bwanji kuti awa ndi malita 10, anandiyankha mwaulemu ndithu kuti alangizi, si ndowa ya 20 iyi, theka lake ndi 10. Zinandikhudza chifukwa bambowa amayesetsa kwambiri, mankhwala anagula ndi ndalama zawo, lebulo anawerenga bwinobwino, chomwe chinawasokoneza ndi kapangidwe ka ndowa basi.

Tayang'anani ndowa yanu. Kukamwa ndi kotambalala, pansi ndi popanikiza, khoma lake limatsika mopendekeka. Kusukulu chinthu chosongoka ngati denga la nkhokwe amachitcha koni, ndiye mukadula nsonga ija mopingasa chotsalacho amati fulasitamu, ndowa ndi chimenecho kungoti chazondoka. Tanthauzo lake kwa ife ndi loti sentimita imodzi ya madzi pansi pa ndowa ndi madzi ochepa kusiyana ndi sentimita imodzi chakukamwa, ndiye theka la msinkhu wa ndowa silingakhale theka la madzi.

Kuti mudziwe malita mukufunika miyeso itatu yokha, ndipo yonse muyeze mkati mwa ndowa, osati kunja. Woyamba ndi kutambalala kwa kukamwa, tepi idutse pakati penipeni kuchoka mbali ina kufika mbali ina, uwu tiutche D. Wachiwiri ndi kutambalala kwa pansi, tiutche d. Apa tepi ya telala imavuta kulowa, ine ndimatenga kabango kapena kamtengo kowongoka, ndimakadula pang'onopang'ono mpaka kagone pansi mkatimo kakukhudza mbali zonse ziwiri, kenako ndimakatulutsa nkukayeza. Wachitatu ndi kuya, tiutche h. Gonekani thabwa pamwamba pa ndowa, imikani ndodo chilili pakati pa ndowa, lembani pomwe yakumana ndi thabwalo. Zonse mu masentimita.

Fomula yake ndi iyi:

```
V = 0.262 × h × (D×D + D×d + d×d)
malita = V ÷ 1000
```

Musachite nayo mantha 0.262 ameneyu, ndi 3.14 wakusukulu uja atagawidwa ndi 12. M'mabuku a masamu muipeza italembedwa ndi theka la kutambalala, yomwe amati rediyasi, ndipo amagawa ndi 3, koma ine ndimakonda iyi chifukwa mumalowetsa nambala yomwe mwawerenga pa tepi osayamba mwaigawa pawiri. Kugawa ndi 1000 kumapetoko ndi chifukwa choti lita imodzi ndi kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, 10 kutaimusa 10 kutaimusa 10.

Ndowa ya bambo aja tinaiyeza pompo pansi pa mtengo wa mango. Kukamwa 32, pansi 24, kuya 32. Pa kakyuleta ya pafoni, 32 kutaimusa 32 ndi 1024, 32 kutaimusa 24 ndi 768, 24 kutaimusa 24 ndi 576, tikawonkhetsa zitatuzi ndi 2368. Kutaimusa kuya kuja, 32, tipeza 75776, kutaimusanso 0.262 tipeza pafupifupi 19853, kugawa ndi 1000 ndiye malita 19.9 kapena tingoti 20. Ndiye dzina loti ndowa ya 20 silinali labodza ayi, koma malita 20 amenewo amakwana madzi akafika pamlomo penipeni, ndowa ili nde nde nde, mwina nkumasefukira.

Tsopano tione pakatikati paja pomwe iwo anathira, masentimita 16 kuchoka pansi. Fomula ndi yomweyo, kungoti D tsopano ndi kutambalala kwa ndowa pomwe madzi alekezera. Mutha kuyeza ndi kabango kaja pamwamba pa madzi, kapena kuwerengera, ndowa iyi ikutambalala ndi masentimita 8 pa kuya kwa 32, ndiye kuti sentimita imodzi pa masentimita 4 alionse okwera. Pa 16 ndiye kuti D ndi 28. Tipeza 784 kuphatikiza 672 kuphatikiza 576 zomwe ndi 2032, kutaimusa 16, kutaimusa 0.262, zikutuluka 8518. Malita 8 ndi theka basi. Theka lapansi lili ndi malita 8.5, theka lapamwamba lili ndi opitirira 11.

Ganizirani bwino apa. Mankhwala oyenera kulowa m'malita 10 alowa m'malita 8.5, ndiye kuti aposa mphamvu ndi pafupifupi 18 pelesenti, komanso madziwo athera panjira mizere isanakwane, mlimi nkusakanizanso ena, botolo nkutha msanga. Pa mbande zanthete za ku nazale, kaya ndi mankhwala kaya feteleza wosungunula m'madzi, kupitirira muyeso kumatha kuwaula masamba. Pa ndowa imeneyi malita 10 ali pa masentimita 18 ndi kachidutswa, pafupifupi 18.5, ndipo malita 16 omwe masipuleya ambiri oberekera kumbuyo amalowa ali pa 27. Tinalemba mizere iwiriyi ndi msomali mkati mwa ndowa, bambo aja anadutsitsamo penti wofiira, kuyambira pamenepo sakuyezanso ndi maso.

Amayi otunga madzi nkhaniyi ikukukhudzaninso kwambiri. Palibe amene amasenza ndowa yodzaza mpaka pamlomo kuchokera ku mjigo, mumasiya malo pang'ono kuti madzi asakhavukire kumaso. Tinene kuti mwasiya masentimita 4, ngati zala ziwiri kapena zitatu. Madzi ndi akuya 28, pamwamba pake D ndi 31, tikawerengera 961 kuphatikiza 744 kuphatikiza 576 ndi 2281, kutaimusa 28 ndi 0.262, tipeza malita 16.7. Zala zitatu zokha zatenga malita atatu, chifukwa kumtundako ndi komwe ndowa ili yotambalala. Klorini wothira m'madzi akumwa ngati WaterGuard muyeso wake ndi kachitsekero kamodzi pa malita 20, ndiye ndi bwino kudziwa kuti ndowa yanu yosungira madzi muli malita angati enieni. Choopsa kwambiri ndi mbali inayo, chidebe chachikulu chomwe pakhomo mumangochitcha cha 20 koma chikulowa 25 kapena 30, klorini amachepa mphamvu inu mukuganiza kuti madzi ndi otetezeka. Yezani chidebe kamodzi, kenako tsatirani lebulo ndi zomwe alangizi a zaumoyo akuuzani. Ndipo chonde, ndowa ya mankhwala a kudimba ikhale yakeyake, isadzalowenso madzi akumwa ngakhale mutaitsuka ndi sopo.

Zolakwika zomwe ndimakumana nazo anthu akayamba kuwerengera okha ndi zingapo. Ena amaiwala kuti ndowa ndi yopanikiza pansi, amangoyeza kukamwa nkuwerengera ngati mgolo wowongoka, ndowa yathu ija imatuluka malita 25.7, akatenga pansi pokha imatuluka 14.5. Nambala ziwirizi zili ndi ntchito yake, yankho lolondola liyenera kukhala pakati pa izo, likatuluka kunja dziwani kuti penapake mwaphonya. Ena amatenga fomula ya m'buku ya rediyasi nkulowetsamo kutambalala konse, yankho limabwera lochuluka kanayi, ndowa yomwe mwana wa sukulu amanyamula nkupezeka ili ndi malita 79. Mukaona zotere musakayike ndowa, bwererani ku nambala zanu.

Koma cholakwika chomwe chimabisala kwambiri ndi kuyeza kuya motsatira khoma. Munthu amagoneka tepi pakhoma la ndowa kuchoka pamlomo mpaka pansi, pomwe fomula ikufuna kuya koimirira chilili. Pa ndowa wamba kusiyana ndi kochepa, 32.2 m'malo mwa 32, simungazindikire nkomwe. Pa beseni ndiye nkhani ina. Tengani beseni la kukamwa 60, pansi 30, kuya 20, malita ake ndi 33, koma khoma lake lopendekeka ndi lotalika 25, mukalowetsa 25 mupeza malita 41, mwawonjezera malita 8 omwe kulibe. Kumbukiraninso kuti ndowa zachitsulo zokhoma amisiri athu zimakhala ndi mkombero kunsi womwe umakweza pansi pake, mukayeza kunja mwawerengera ndi malo omwe madzi safikako.

Pali kanjira kachidule ngati foni yathima. Wonkhetsani kukamwa ndi pansi, gawani pawiri, 32 ndi 24 zipereka 28, kenako 28 kutaimusa 28 kutaimusa kuya kutaimusa 0.785. Ndowa ija ituluka 19.7, pafupi kwambiri ndi yankho lenileni. Njira iyi nthawi zonse imapereka yankho lochepera pang'ono, ndipo chiwiya chikamapendekeka kwambiri kuchepako kumakula, beseni lija limatuluka 31.8 m'malo mwa 33. Pothirira mbewu zilibe vuto, pa mankhwala gwiritsani fomula yonse.

Fomulayi imagwira pa chiwiya chozungulira chomwe khoma lake ndi lowongoka ngakhale lapendekeka. Mtsuko wadothi uli ndi mimba, sizingatheke. Chigubu cha makona anayi ayi, ndowa yophwanyika mbali kapena ya pulasitiki yomwe yapindika ndi dzuwa mpaka kukamwa kwakhala ngati dzira, yankho lake lidzangoyandikira. Pa zimenezi gwiritsani sikelo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kolekani chiwiya chopanda kanthu pa sikelo ya mbedza ija ya ogula mbewu, lembani, thirani madzi, kolekaninso, kusiyana kwake ndiwo malita anu. Ndowa ya bambo aja tinaiyesanso chomwecho pa mzere wa 18.5, singano inaima pa makilogalamu 10 titachotsera kulemera kwa ndowa. Amene alibe sikelo atenge botolo lomwe lalembedwa malita 2, athire kasanu ndowa ili pamalo osapendama, adikire madzi adekhe, alembe mzere pomwepo.