Momwe mungatolerere ndalama za msonkhano pa Airtel Money ndi Mpamba osasokoneza amene walipira

Aliyense amene anakhalapo msungichuma wa msasa wa achinyamata kapena maphunziro a tsiku limodzi amadziwa vuto ili: foni ikulira, ndalama zikulowa, koma dzina lomwe labwera pa meseji silikupezeka m'kaundula. Walembetsa ndi mtsikana, yatumiza ndi nambala ya amalume ake. Wina wadutsira kwa ejenti wa pamsika, ndiye meseji yabwera ndi dzina la ejentiyo. Tsiku la msonkhano likafika, pakhomo pamakhala mkangano wa "ine ndinatumiza kale".

Njira yomwe ndifotokoze pano ndinaigwiritsa ntchito pa msasa wa anthu 120, aliyense akulipira K15,000. Siifuna china chilichonse kupatula foni, kope ndi cholembera.

Choyamba, patulani nambala ya msonkhano wokhawo

Musalandirire pa nambala yomwe mumagulira magetsi ndi mayunitsi. Mukatero, balansi ya pafoni sidzagwirizana ndi ya m'kope, ndipo mudzasowa poyambira kufufuza. Pezani simu khadi ya Airtel ndi ina ya TNM, chifukwa anthu ambiri amakonda kutumiza pa netiweki yawo yomwe, poopa kudulidwa zambiri. Pa chikalata choitanira anthu lembani nambala zonse ziwiri pamodzi ndi dzina lomwe nambalazo zinalembetsedwera, kuti wotumiza akaliona pafoni asanaike PIN adziwe kuti sanaphonye. Kumbukiraninso kuti potapa ndalama kwa ejenti amadula, choncho ikanimo kale ndalama yotapira poika mtengo wa msonkhano.

Kenako, munthu alembetse kaye asanalipire

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: timalengeza nambala, anthu n'kuyamba kutumiza, maina n'kumabwera pambuyo. Muzitembenuze. Munthu ayambe wakupatsani dzina lake, nambala yake ya foni ndi mpingo kapena dera lomwe akuchokera. Inu mumupatse nambala ya m'kaundula: woyamba 1, wachiwiri 2, mpaka 120.

Tsopano muuzeni kuti potumiza awonjezere nambala yakeyo pa mtengo. Wa nambala 37 atumize K15,037. Wa nambala 108 atumize K15,108. Makwacha a kumapetowo ndiye dzina lake. Kaya ndalamayo yachokera pa foni ya amalume, ya abusa kapena ya ejenti, inu mukaona K15,037 mukudziwa kuti ndi ya nambala 37, ndipo simufunika kuimbira munthu aliyense.

Ena amadandaula kuti wa nambala 108 walipira zambiri kuposa wa nambala 2. Zoona, koma kusiyanako sikukwana ngakhale mtengo wa mandasi. Vuto lenileni lili kwa olipirira kwa ejenti ndi ndalama zapamanja, chifukwa makobidi a K1 ndi K5 saonekanso kawirikawiri. Wa nambala 37, mwachitsanzo, muuzeni kuti apatse ejenti K15,050 koma amuuze alembe K15,037 ndendende. Ejenti akakhala pa changu amangolemba K15,000, choncho munthuyo asachoke pa kauntala asanaone zomwe zalembedwa.

Lembani meseji iliyonse tsiku lomwelo

M'kope jambulani mizere isanu: nambala ya m'kaundula, dzina la wolembetsa, ndalama yomwe yalowa, tsiku ndi nthawi, komanso nambala ya kutumizako. Nambala imeneyi imabwera pa meseji iliyonse ya Airtel Money ndi Mpamba, ya zilembo ndi manambala, ndipo siibwerezedwa. Ndi imeneyi yomwe imathetsa mikangano, osati chithunzi cha pa WhatsApp.

Chithunzi musachikhulupirire konse. Munthu angathe kutenga chithunzi cha mnzake n'kukutumizirani ngati chake, ndipo pali ena amene amalemba okha meseji yofanana ndi ya kampani n'kuitumiza kuchokera pa nambala wamba. Meseji yeniyeni imabwera pa dzina la kampani, mumzere womwewo momwe mumabwera mameseji ena onse a ndalama. Mukakayika, imbani `*211#` pa Airtel kapena `*444#` pa Mpamba muone balansi. Ngati sinakwere, ndalama sinalowe, ngakhale munthuyo alumbire.

Ngati mukulemba pa kompyuta m'malo mwa kope, ndipo nambala za kutumiza zili mu mzere E, ikani izi pambali pake, mu F2, n'kuzikokera pansi:

```
=COUNTIF(E:E,E2)
```

Paliponse pomwe patuluke 2, ndiye kuti anthu awiri akudzinenera ndalama imodzi.

Usiku uliwonse yerekezani kope ndi foni

Tengani balansi ya m'mawa, wonjezerani zonse zomwe mwalemba tsikulo, muone ngati zikufanana ndi balansi ya pafoni. Tsiku lina Lachitatu kope langa linaposa foni ndi K15,064. Sindinavutike kufufuza: 64 wa kumapetoyo anandilozera pomwe panali vuto. Nditabwerera ku mameseji ndinapeza kuti ya nambala 64 ndinailemba kuchokera pa chithunzi chomwe mnyamatayo ananditumizira ndili m'minibasi. Iye sananame ayi. Anaphonya nambala imodzi, ndalama inapita kwa munthu wina, ndipo anayenera kuimbira kampani yekha kuti amuthandize kuibweza. Ndikanadikira mpaka tsiku la msasa, bwenzi ndalamayo nditailipira ndekha.

Tsiku lomwelo panalowanso ndalama ziwiri zosokoneza. Ina inali K15,000 yosalala, yochokera kwa bambo amene dzina lawo silinali m'kaundula. Ina inali K30,093. Iyi ndinaganiza kuti ndi anthu awiri ophatikiza, koma 93 angakhale 41 ndi 52, angakhalenso 40 ndi 53. Musalote. Khalani ndi tsamba lapadera la ndalama zosadziwika mwini, mulembepo nthawi ndi nambala ya kutumizako, kenako mulengeze pagulu kuti amene anatumiza ndalama Lachitatu koma sanalandire lisiti aimbe. Musatchule kuchuluka kwa ndalamayo kapena dzina la wotumiza. Woimbayo ndi amene akuuzeni zimenezo, pamodzi ndi zilembo zinayi zomaliza za nambala ya kutumizako. Bambo aja anapezeka kuti ankalipirira mwana wa mlongo wawo, wa nambala 19, ndipo K30,093 inalidi ya 41 ndi 52, munthu ndi mng'ono wake. Kuyambira pamenepo ndinalamula kuti wolipirira anthu awiri atumize kawiri, ndipo olipira pang'onopang'ono aziika nambala yawo kumapeto ulendo uliwonse: K5,037, kenako K10,037.

Bwezani lisiti, ndipo musabweze ndalama mwachangu

Mukangolemba m'kope, tumizani meseji ku nambala ya wolembetsa, osati ya wotumiza: "Nambala 37, talandira K15,037. Onetsani meseji ino pakhomo." Amene sanalandire meseji pofika mawa lake amadziwa yekha kuti china chake chavuta, ndipo amakusakani nthawi idakalipo.

Wina akaimba kuti "ndatumiza molakwika, tandibwezereni pa nambala iyi", onani balansi kaye. Ngati ndalamayo inalowadi, ibwerere ku nambala yomwe inachokera basi, kapena mwini wake adutsire kukampani.

Akaunti ya pafoni ili ndi malire a ndalama zomwe ingasunge, ndipo ikadzadza anthu amayamba kukuuzani kuti "ikukana". Funsani malire a akaunti yanu musanayambe kutolera, ndipo muzisamutsa ndalama kupita kubanki, n'kulemba kusamutsako m'kope lomwelo kuti kuyerekeza kwa usiku kusasokonekere. Tsekani kulandira masiku awiri msonkhano usanafike, mukonze mndandanda wa olipira motsatira nambala, mupatse olandira anthu pakhomo awiri aliyense pepala lake. Wobwera ndi ndalama zapamanja alipire pa tebulo lina, ndipo alembedwe pa tsamba lakelake.