Imelo Yopita kwa Mwini Bizinesi Amene Sakukudziwani: Muuzeni Chinthu Chimodzi Basi

Abale anga muli ku Joni amene mumadziwako zokonza mawebusayiti ndipo mukusaka maganyu, imelo yanu yoyamba kwa mwini bizinesi inene vuto limodzi lokha, loti iye angathe kuliona yekha pafoni yake asanamalize kumwa tiyi. Sakukudziwani, dzina lanu ndi lachilendo kwa iye, ndipo anthu omulonjeza kumwamba amamulembera tsiku ndi tsiku. Mawu anu sawakhulupirira, koma maso ake awakhulupirira.

Tiyambe ndi maejenti, chifukwa ndi amene akugwetsa anthu athu ambiri. Pali anyamata amene amagulitsa mndandanda wa maimelo masauzande pamodzi ndi kalata yolembalemba kale, amvekere mungosintha dzina n'kutumiza. Musawapatse ngakhale randi imodzi. Mndandandawo amangoukokolola pa intaneti, ndipo agulitsa kale womwewo kwa anthu ena ambirimbiri. Mabizinesi ena ali mmenemo anatseka kalekale, kotero makalata anu amangobwerera. Makalata akachuluka kubwerera, komanso olandira akamadina batani loti ndi sipamu, adiresi yanu imada, moti ngakhale kalata yabwino imene mudzalembe mawa idzagwera kudzala komweko. Akaunti yaulere ya Gmail imalola maimelo 500 okha pa tsiku, ndipo ikaona kuti mukutumiza za sipamu ikhoza kutsekedwa. Ambiri a ife akaunti yomweyo ndi imene ili ndi zithunzi za pasipoti, makalata a pemiti ndi a kubanki. Zikatero muimbireni ejenti uja muone ngati ayankhe. Zimandiwawa chifukwa ndalama imene amatengayo ndi ya renti, kapena imene inayenera kupita kumudzi.

China chimene sakuuzani ndi lamulo. Kalata zawozo zimabwera ndi malangizo oti munthu akapanda kuyankha mumukumbutse kanayi kapena kasanu. Ku South Africa kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021. Gawo 69 la lamuloli limati munthu amene si kasitomala wanu mungamufikire kamodzi kokha pomupempha chilolezo choti muzimutumizira zotsatsa malonda, ndipo pali fomu yake yopemphera, Form 4. Lamuloli limatetezanso makampani, osati anthu okha. Kalata yanu iyeneranso kunena kuti ndinu ndani ndi kumene angalembe kuti musiye. Akakhala chete, kwatha, pitani kwina. Ndipo onani kaye ngati pepala lanu likukulolani kugwira ntchito. Masiku 30 amene amakudindirani pa Beitbridge ndi ochezera, si ogwirira ntchito.

Tsono vuto limodzilo mulipeza bwanji? Tengani chitsanzo cha nyumba yogona alendo ku Kempton Park, pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Tsegulani webusayiti yake pafoni, osati pakompyuta, chifukwa mlendo amene wangotsika ndege usiku amafufuza pafoni. Dinani batani la WhatsApp. Nthawi zina m'malo motsegula pochezera, limakuuzani kuti nambala ndi yolakwika. Kawirikawiri chimachititsa n'chakuti amene anakonza tsambalo analemba nambala mmene timaitchulira pakamwa, kuyamba ndi 0. Linki ya WhatsApp imafuna nambala ya dziko, 27, kutsogolo, 0 uja achotsedwe, ndipo pasakhale chizindikiro cha + kapena mipata.

```
wa.me/082XXXXXXX    yolakwika
wa.me/2782XXXXXXX   yolondola
```

Musathamangire kulemba. Yesani pafoni ina ya mnzanu, kenako lembani nokha linki yolondolayo muone ngati ikutsegula dzina la bizinesiyo. Ikakanabe, vuto si 0 ayi. Mwina nambalayo ndi ya lamya ya muofesi yoyamba ndi 011 imene sanailembetse pa WhatsApp Business, kapena anasiya kuigwiritsa ntchito. Mukamuuza munthu chifukwa cholakwika, iye n'kuyesa n'kupeza kuti sizoona, simudzapezanso mpata wina.

Adiresi ya imelo itengeni patsamba lawo lomwelo, ndipo dzina la mwini wake mulipeza pamene akufotokoza za bizinesiyo. Mutu wa kalata unene vutolo mosabisa: batani la WhatsApp patsamba lanu silikutsegula. Kalatayo mudzailemba m'Chingerezi chosavuta, koma mfundo zake zikhale izi:

"Bambo Uje, dzulo madzulo ndinatsegula tsamba lanu pafoni n'kudina batani lobiriwira la WhatsApp limene lili pansi kumanja. Linandiuza kuti nambala ndi yolakwika. Yesani pafoni yanu muone. Chachititsa n'chakuti linkiyo yayamba ndi 0 m'malo mwa 27, ndiye mlendo wofuna kufunsa za chipinda sakukupezani kudzera pamenepo. Amene amakusamalirani tsambalo akhoza kukonza m'mphindi zochepa. Ngati palibe, ine ndimagwira ntchito imeneyi ndipo ndimakhala ku Tembisa. Kodi mungandilole ndikutumizireni mtengo wake? Ngati simukufuna kuti ndikulembereninso, ingoyankhani kuti ayi." Pansi pake dzina lanu lenileni ndi nambala yanu ya foni.

Ena amati n'kupusa kumuuza munthu mankhwala ake asanalipire. Ine ndikukana. Kukonza linki si kumene kuli ndalama, ndipo mwana wake akhoza kuikonza. Chimene mukugula ndi kalatayi n'chakuti akudziweni ngati munthu amene ananena zoona osapempha kanthu poyamba. Mukabisa n'kulemba kuti mwapeza "mavuto aakulu" amene mudzawafotokoze pafoni, mwafanana ndi akuba onse amene amamuopseza.

Palinso zimene musayerekeze n'komwe. Musalonjeze kuti alendo awonjezeka ndi theka, chifukwa simukudziwa kuti ndi angati amadina batanilo. Musaikemo fayilo kapena malinki ofupikitsidwa, pakuti munthu wanzeru satsegula za mlendo. Musadzitchule kuti "ife" ngati muli nokha m'kachipinda, ndipo musanamizire kuti mwatumidwa ndi Google kapena WhatsApp. Musanyoze tsamba lake. Mwina analikonza ndi mkazi wake. Ndipo ngati mwaonanso kuti zithunzi zikuchedwa kutseguka komanso maola otsegulira ndi olakwika, gwirani mtima. Zimenezo mudzanena akayankha. Mukamuunjikira mavuto asanu nthawi imodzi amaona ngati mukufuna kumugulitsa tsamba latsopano, ndipo amafufuta kalatayo.

Makalata otere simungalembe ambiri pa tsiku, chifukwa iliyonse imafuna kuti muyese tsambalo ndi manja anu. Asanu pa tsiku akwana, ndipo ambiri sadzayankha. Lembani m'kope dzina la bizinesi, tsiku ndi vuto limene munanena, kuti musalembere munthu mmodzi kawiri.

Akayankha kuti inde, tumizani mtengo umodzi wa ntchito imodziyo, m'marandi, ndi tsiku limene muimalize. Musapemphe pasiwedi yake. Ngati tsambalo ndi la WordPress, akutsegulireni akaunti yanuyanu, ndipo mukamaliza mumuuze aitseke. Tsamba likadzavuta mwezi wamawa, woyamba kumuloza chala ndi mlendo amene anali ndi makiyi, ndiye musanakhudze chilichonse jambulani mmene linalili, ndipo mukakonza mumupemphe adine batanilo yekha akutsimikizireni polemba kuti likugwira.