Munda wopindika: ugaweni zidutswa kuti mudziwe malima ake

Alimi anzanga a ku Chongwe, Chilanga ndi madera ozungulira Lusaka, ndikafunsa kukula kwa munda ambiri mumayankha kuti "ndi malima awiri" mukungoloza ndi dzanja. Koma feteleza ndi mbewu timawerengera pa lima, ndipo lima imodzi ndi masikweya mita 2,500, ngati malo a mamita 50 mulitali ndi 50 mulifupi. Malima anayi ndiwo hekitala. Vuto n'lakuti minda yathu siikhala yowongoka chonchi: kwina msewu unadula, kwina mtsinje unadya.

Tengani tepi, chingwe, zikhomo ndi pepala. Yendani m'malire monse, mukhome chikhomo paliponse pamene malire akhota, kenako mujambule mundawo. Pojambulapo yambani mwapeza rekitango yaikulu yomwe ingakwane m'kati. Zotsala m'mbali zimakhala mathirayango kapena tirapiziyamu, chomwe ndi chidutswa cha mbali zinayi koma ziwiri zokha zoyang'anana ndizo zimayenda limodzi osakumana, ngati njanji.

Tiyese ndi munda uwu. Kumsewu, kummwera, ndi mamita 60, ndipo mbali zonse ziwiri zikulowa m'kati mowongoka mamita 40. Imeneyo ndi rekitango: 60 × 40 = 2,400.

Kumpoto kwake munda ukupitirira koma ukuchepa, chifukwa mtsinje unaudula kummawa. Mzere wa m'munsi ndi uja wa mamita 60, wa kumtunda ndi wa mamita 36, ndipo pakati pawo pali mamita 25. Pa tirapiziyamu timaphatikiza mizere iwiri yoyenda limodziyo, n'kugawa pawiri, n'kuchulukitsa ndi mtunda wa pakati pake: (60 + 36) ÷ 2 × 25 = 1,200.

Kummawa kwa rekitango kuli kansonga kokathera pachulu. Tsinde lake ndi mbali ija ya mamita 40, ndipo kuchoka patsindepo kukafika kunsonga ndi mamita 30. Thirayango ndi theka la rekitango ya tsinde ndi msinkhu womwewo, n'chifukwa chake timagawa pawiri: 40 × 30 ÷ 2 = 600.

Tikaphatikiza tipeza masikweya mita 4,200. Kugawa ndi 2,500 kukutipatsa malima 1.68, kapena kuti hekitala 0.42, kungopitirira pang'ono ekala, yomwe ndi pafupifupi 4,047. Pa mlingo wa thumba limodzi la makilogalamu 50 la feteleza wokulitsa pa lima, mundawu ukufuna makilogalamu 84, osati 100.

Tsono pomwe anthu amagwera ndi pa msinkhu. Manambala aja, 25 ndi 30, sayezedwa m'malire ayi. Amayezedwa m'kati mwa munda, pamzere wochoka patsinde mowongoka, wopanga ngodya ngati ya pakona ya nyumba. Munthu amakonda kukoka tepi motsata malire chifukwa ndi momwe muli kanjira, ine ndimamvetsa, koma malire opendekeka amatalika kuposa msinkhu nthawi zonse. M'munda wathuwu mbali yotsata mtsinje ndi pafupifupi mamita 35. Mukaika 35 m'malo mwa 25 mupeza 1,680, mwadziwonjezera masikweya mita 480 omwe kulibe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a lima.

Ngodya yowongokayo muipeze monga amachitira amisiri omanga nyumba. Dulani chingwe cha mamita 12, mumange mfundo pa mamita 3 ndi pa mamita 7, mugwirizanitse nsonga zake. Anthu atatu akachikoka n'kulimba, mbali zimakhala 3, 4 ndi 5, ndipo ngodya ya pakati pa 3 ndi 4 ndiyo yowongoka. Gonekani mbali ya 4 patsinde, musunthesunthe mpaka mbali ya 3 italoza chikhomo cha kunsonga. Mukafuna kutsimikiza, yezani kuchoka kunsongako kufika pamalo atatu oyandikana patsinde: muyezo waufupi kwambiri ndiwo msinkhu. Chingwe chomwechi muyesere nacho makona a rekitango yanu, kapena muyeze mopingasa kona ndi kona. Miyezo iwiriyo ikasiyana kwambiri, si rekitango, iduleni mathirayango awiri.

Pamalo otsetsereka gwirani tepi mosapendeka, muziyeza pang'onopang'ono, apo ayi mamita achuluka. Pomwe mtsinje wakhotakhota khomani zikhomo pafupipafupi, mupange timatirapiziyamu tingapo. Chulu chachikulu kapena nyumba zomwe simudzalimapo, ziyezeni pazokha muchotse. Kuyeza kumeneku n'kogulira mbewu ndi feteleza komanso kugwirizana mtengo ndi wathirakitala; za mapepala a malo ndi mabikoni zimafuna woyeza malo wovomerezeka ndi boma.