Momwe mungalowezere mafupa asanu ndi atatu a pamfundo ya dzanja poyenda m'nyumba mwanu

Tsinzinani pang'ono, muime pakhomo la nyumba imene munakuliramo. Mukudziwa mbali imene chitseko chimatsekukira, mukudziwa pamene pali zenera, ngakhale mpando wogwedera uja mukuuona. Palibe tsiku limene munakhala pansi kuti muloweze zimenezi. Koma mayina asanu ndi atatu amene munawerenga kakhumi dzulo usiku, lero mwatsala ndi anayi okha, ndipo awiri asinthana malo. Mutu wa munthu umagwira malo mosavuta kusiyana ndi mawu. Njira imene ndikufotokoza pano imangotenga mawu ovutawo n'kuwakhazika pamalo amene mutu unagwira kale.

Njirayi ndi yakale. Cicero, polemba mu chaka cha 55 BC, anasimba za mlakatuli wachigiriki Simonides, amene anaitanidwa panja ali paphwando, denga n'kugwera onse otsala m'katimo. Mitembo inaphwanyika moti abale sanathe kuizindikira, koma iye anatchula aliyense pokumbukira pamene anakhala. Mu 2003, Eleanor Maguire ndi anzake ku London anapima akatswiri khumi a luso loloweza, ambiri mwa iwo opikisana m'mipikisano yoloweza. Sanapeze kuti ubongo wawo unapangidwa mosiyana ndi wa anthu ena. Chimene anapeza n'chakuti asanu ndi anayi mwa iwo ankagwiritsa ntchito njira yomweyi ya malo.

Tiyeseze ndi mafupa a pamfundo ya dzanja, pamene timamanga wotchi. Alipo asanu ndi atatu, ndipo anandanda m'mizere iwiri ya anayi anayi. Mzere woyamba uli kufupi ndi mkono, wachiwiri uli kufupi ndi zala. Mizere yonse iwiri tiziiwerenga kuchokera mbali ya chala chachikulu kupita mbali ya kachala kakang'ono.

Yambani ndi nyumba, mayina abwera pambuyo

Popeza mizere ndi iwiri, tengani zipinda ziwiri za nyumba imene mumaidziwa bwino, ndipo m'chipinda chilichonse musankhe malo anayi. Ine ndimatenga pabalaza ndi kuchipinda chogona. Pabalaza pali chitseko cholowera, sofa, zenera ndi shelefu. Kuchipinda kuli khomo, bedi, kabati ya zovala ndi galasi lodziyang'anira. Inu sankhani zimene zilikodi kwanu, motsata mmene mungazipezere mukamayenda motsatira khoma, osadumpha uku ndi uku.

Malowo akhale zinthu zimene sizisuntha, zotalikirana masitepe awiri kapena atatu, komanso zosafanana. Mipando inayi yofanana yozungulira tebulo si malo anayi, m'mutu imasanduka mpando umodzi. Pa ntchito ya lero musasankhenso tebulo ngati malo, chifukwa chake muchiona posachedwa.

Musanaikepo kanthu, yendani malo asanu ndi atatuwo m'maganizo, kupita ndi kubwerera, katatu. Ambiri amathamangira kudumpha pamenepa, ndipo ndi pamene zinthu zimayambira kusokonekera. Ngati mukukayika kuti pambuyo pa bedi pakubwera kabati kapena galasi, mafupanso adzasinthana chimodzimodzi.

Sandutsani dzina lililonse kukhala chinthu chooneka

Dzina lachilendo silingakhale pa sofa, koma chinthu chingakhale. Ubwino wa mafupa awa ndi wakuti amene anawapatsa mayina m'Chigiriki ndi m'Chilatini ankangotchula zimene mafupawo amafanana nazo. Choncho zithunzi zilimo kale m'mayinamo, ife tingozitulutsa.

Fupa loyamba ndi sikafoyidi, dzina lochokera ku mawu otanthauza bwato. Pachitseko cholowera papanikizika bwato. Mukulikankha kuti mudutse, likung'aluka pakati ndi phokoso, madzi ozizira n'kukukhuthukirani m'nsapato. Mng'alu umenewo ndauika dala. Pa mafupa asanu ndi atatuwa, sikafoyidi ndi limene limathyoka kawirikawiri, makamaka munthu akagwa n'kutsamira chikhatho. Chithunzi chimodzi chanyamula mfundo ziwiri.

Pa sofa pakhala mwezi wooneka ngati chikwakwa, wolemera moti sofayo yafwamphuka, ndipo kuwala kwake kukukuthobwani m'maso. Ameneyo ndi luneti, kuchokera ku dzina la mwezi m'Chilatini. Pazenera palowa mwala wa ngodya zitatu, waswa galasi n'kukakamira pomwepo, zidutswa zili mbwee pansi. Umenewo ndi tirayikwetiramu, kutanthauza cha ngodya zitatu. Pa shelefu pali nsawawa imodzi yobiriwira, yaikulu ngati mpira, ikugubuduzika n'kugwetsa mabuku. Imeneyo ndi pisifomu, kutanthauza chooneka ngati nsawawa. Mzere woyamba watha.

Onani kuti palibe chinthu chimene changokhala phee pamalo pake. Bwato likulimbana ndi chitseko, mwezi ukuononga sofa, mwala waswa zenera. Chinthucho chiyenera kuchita kanthu pa malowo, apo ayi mudzakumbukira kuti panali mwezi koma osadziwa kuti unali pati. Ndipo chikhale chachikulu mopitirira, chaphokoso, chonyowetsa, chinthu choti mukanachipezadi m'nyumba mwanu mukanaitana anthu. Nsawawa ya msinkhu wake weniweni pa shelefu simudzaiona konse.

Kuchipinda n'kumene kuli mapasa ovuta. Tirapeziyamu ndi tirapezoyidi ndi mayina oyandikana, mafupa akenso ndi oyandikana, ndipo onse amachokera ku mawu achigiriki otanthauza tebulo. Ichi n'chifukwa chake ndinati tebulo lisakhale malo. Mukangoika matebulo awiri ofanana, mwadzitchera nokha msampha. Muyenera kuwasiyanitsa ndi mfundo yeniyeni. Tirapeziyamu ndi fupa limene chala chachikulu chimakhalapo. Ndiye pakhomo la chipinda ikani tebulo lolimba lathabwa latsekereza njira, ndipo chala chachikulu chofika m'chiuno mwanu chikulidinda pamwamba mpaka thabwa kulira. Mathero akuti oyidi amatanthauza chofanana ndi chinthu, osati chinthucho. Choncho pa bedi ikani katebulo konamizira, kapepala, kamene mukungokakhudza ndi chala cholozera n'kupindika. N'kakang'ono chifukwa tirapezoyidi ndi fupa laling'ono kwambiri mumzere wachiwiri, ndipo lili kunsi kwa fupa la chala cholozera.

Awiri otsalawo savuta, chifukwa tanthauzo ndi kamvekedwe zimathandizana. Kapiteti ndi dzina lochokera ku mawu otanthauza mutu. Tsekulani kabati mupezemo kaputeni wa chimutu chachikulu chokanika kutuluka pachitseko. Kaputeni akukupatsani kamvekedwe ka dzina, chimutu chikukuuzani tanthauzo komanso kuti ili ndiye fupa lalikulu pa onse asanu ndi atatu. Hameti ndi cha mbedza, ndipo fupali lilidi ndi kambedza kotulukira mbali ya chikhatho. Pa galasi pakoledwa hamala ndi mbedza yaikulu, ikulendewera n'kumagogoda galasilo.

Pali chinthu china chimene makonzedwe awa akusungirani. Mukamaliza mzere woyamba muli mbali ya kachala kakang'ono, koma mzere wachiwiri umayambanso kuchala chachikulu. Ambiri amaiwala kubwerera, n'kuika tirapeziyamu mbali yolakwika. M'nyumba mwanu lamulo ndi limodzi: khomo lililonse ndi mbali ya chala chachikulu. Bwato ndi tebulo lathabwa zonse zili pamakomo.

Tsekani buku, muyende

Chithunzi chilichonse chipatseni masekondi khumi kapena kuposerapo, muchione, muchimve. Kenako tsekani buku, tengani pepala, muyende kuchokera pachitseko mukulemba dzina lililonse. Mukatero yendani chobwerera kuyambira pagalasi. Pomaliza dzifunseni modumphadumpha: fupa lachisanu ndi chimodzi ndi liti? Mupita molunjika pa bedi, osayamba kuwerenga kuchokera pachiyambi monga achitira woloweza ndi nyimbo.

Mukalakwitsa, yang'anani mtundu wa kulakwitsako, chifukwa uliwonse uli ndi mankhwala ake. Mukafika pamalo n'kupeza palibe kanthu, chithunzicho chinali chozizira kapena sichinakhudze malowo. Musachibwereze, chisintheni. Mukadumpha malo athunthu, vuto ndi njira, bwererani mukayende nyumba yopanda kanthu. Mukaona chithunzi bwinobwino koma dzina osabwera, ndiye kuti chithunzi chikugwira tanthauzo chabe. Izi zimachitika kwambiri ndi tirayikwetiramu: mwala ukuoneka, pakamwa pali gwa. Onjezani kanthu ka kamvekedwe, mwachitsanzo munthu akukwera pamwalapo kuti akukumbutseni kwe wa pakati pa dzina, ndipo tchulani dzinalo mokweza katatu mukuyang'ana mwalawo.

Ndikupemphani musakhulupirire kuti poti lero mwakhoza zonse ndiye kuti zakhazikika. Zithunzi zimafufuma ngati simuziyendera. Yendaninso madzulo a tsiku lomwelo, mawa lake, pakatha masiku atatu, kenako pakatha sabata, nthawi zonse buku lili chotseka. Ulendo umodzi sutenga ngakhale mphindi ziwiri.

Zimene nyumbayi singakuchitireni

Nyumba imasunga mndandanda ndi dongosolo lake, basi. Sikuphunzitsani kalembedwe ka mayinawa monga alili m'buku lanu, kameneko muyenera kukayeseza ndi cholembera. Sikuonetsaninso fupa pathupi. Shelefu sikuuzani kuti pisifomu sanandande pambali pa anzake koma anakhala pamwamba pa tirayikwetiramu, mbali ya chikhatho. Zimenezo gwirani dzanja lanu: pindani pang'ono mfundoyo, mupapase pamzere wa khungu mbali ya kachala kakang'ono, mumva kafupa kozungulira. Mukakagwira, ganizirani nsawawa ija. Chitani chimodzimodzi ndi chithunzi cha m'buku, kuloza fupa lililonse mukuyenda m'nyumba.

Zaka za m'mbiri zimafuna sitepe ina, chifukwa nambala ilibe nkhope. Patsani nambala iliyonse chinthu chofanana nayo maonekedwe, ndipo musamasinthe: 1 ndi ndodo, 8 ndi magalasi a maso, 0 ndi mphete. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatha mu 1918. Ngati 19 mukumudziwa kale, sungani 18 yekha: msilikali wataya mfuti pakhomo, watola ndodo, kenako wavala magalasi. Ndodo iyambe, magalasi atsatire, chifukwa mukazitembenuza mupeza 81.

Chenjezo lomaliza ndinaliphunzira movutikira. Nditakondwa ndi mmene mafupa analowera, patangopita masiku awiri ndinaika mndandanda wa mitsempha m'zipinda zomwezo. Poyeseza ndinafika pachitseko n'kupeza bwato lili pomwepo, chithunzi chatsopano chitabisala kumbuyo kwake, ndipo mindandanda yonse iwiri inasakanikirana. Mndandanda umene mukufuna kuusunga mpaka mayeso upatseni malo akeake. Mitsempha khumi ndi iwiri ya m'mutu ifuna zipinda zitatu za malo anayi anayi, ndipo zikhale za nyumba ina, kapena za njira imene mumayenda tsiku ndi tsiku, yokhala ndi malo khumi ndi awiri amene mungawatchule mutatsinzina.