Musatseke kope musanayese ma root anu

Dzulo kuno ku Luchenza ndimathandiza mdzukulu wanga wa Folomu 3 masamu, anapatsidwa 2x² - 7x + 3 = 0 iye nkupeza x = 3 ndi x = -1/2. Ndinamuuza kuti tiyese kaye, chifukwa chizindikiro cha kuchotsera chimapweteka ana ambiri pa mayeso a MANEB.

Poyamba bwezerani nambala iliyonse pamene pali x. Tikaika 3 tipeza 18 - 21 + 3, yankho 0, ili bwino. Koma -1/2 ikupereka 1/2 + 7/2 + 3, yomwe ndi 7, ndiye yalakwika basi.

Njira ina yomwe ine ndimaikonda nja changu. Pa ax² + bx + c = 0, mukaphatikiza ma root awiriwo, mayankho a x aja, azikupatsani -b/a, mukawachulukitsa azikupatsani c/a, apa ndiye 7/2 ndi 3/2. Za mdzukulu wanga zinapereka 5/2 ndi -3/2, ndipo poona kuti 3/2 wabwera koma ndi chizindikiro cholakwika tinadziwiratu kuti root yoona ndi 1/2.

Chonde yesani zonse ziwiri, kuphatikiza kokha kumanamiza, 2 ndi 3/2 nazonso zimapanga 7/2 koma kuchulukitsa zipereka 3. Komanso ikwezheni ikhale kaye = 0 musanawerenge a, b ndi c.