Chifundo kapena mkwiyo pa Maliko 1:41: momwe mungayerekezere mabuku awiri akale ndi kulemba mawu a m'munsi

M'mipingo ya Amalawi kuno ku Joni, kaya ku Yeoville kapena ku Rosettenville, pa benchi limodzi pamakhala Mabaibulo a ziyankhulo zingapo. Ikawerengedwa nkhani ya wakhate uja pa Maliko 1:41, wa Baibulo la Chichewa amamva kuti Yesu anagwidwa chifundo, pomwe mnzake amene wagwira Baibulo la Chingerezi la NIV ya 2011 akuwerenga kuti Yesu anakwiya. Omasulira onsewo anagwira bwino ntchito yawo. Kusiyanaku kunachokera m'mabuku akale olembedwa pamanja, ndipo aliyense amene akumasulira Maliko, kapena akukonza kabuku ka maphunziro a Baibulo mu Chichewa, ayenera kusankha liwu limodzi lolowa m'vesi, linalo n'kuliika m'mawu a m'munsi mwa tsamba.

Yambirani m'munsi mwa tsamba la Chigiriki

Tsegulani Chipangano Chatsopano cha Chigiriki, kaya NA28 ya 2012 kapena UBS5 ya 2014. M'vesimo mupeza liwu lakuti σπλαγχνισθείς, kutanthauza "atagwidwa chifundo", lili ndi kachizindikiro kokutumizani m'munsi. M'munsimo muli liwu lina, ὀργισθείς, "atakwiya", ndipo pambali pake pali zilembo D, a, ff2 ndi r1. Chilembo chilichonse chikuyimira buku. Zikuluzikulu ndi mabuku a Chigiriki, zing'onozing'onozi ndi mabuku a Chilatini chakale.

Apa pali msampha woyamba. D m'Mauthenga Abwino ndi Codex Bezae, koma D yemweyo m'makalata a Paulo ndi buku linanso, Codex Claromontanus. N'chifukwa chake m'kope lanu muzilemba chilembo pamodzi ndi nambala: Bezae ndi D 05. Buku loyerekeza nalo tatenga Codex Sinaiticus, limene nambala yake ndi 01, chifukwa ndi lakale kwambiri ndipo zithunzi zake zimapezeka mosavuta.

Onani ndi maso anu

Sinaiticus analembedwa m'zaka za m'ma 300, ndipo gawo lake la Chipangano Chatsopano limasungidwa ku British Library ku London. Pa codexsinaiticus.org mumasankha buku, mutu ndi vesi, kenaka chithunzi chimabwera pamodzi ndi mawu ake otayipidwa. Bezae analembedwa cha m'ma 400, ndipo Theodore Beza, mtsogoleri wa mpingo ku Geneva, anamupereka ku yunivesite ya Cambridge mu 1581. Zithunzi zake zili pa Cambridge Digital Library pansi pa nambala ya MS Nn.2.41. Zithunzizi zimadya data, ndiponso pa foni zilembo zimathinana, choncho ntchitoyi ndi ya pa kompyuta, pamalo pamene pali intaneti yosawerengera.

Amene akuona masambawa koyamba amasokonezeka, chifukwa mulibe manambala a mavesi (awa anadzabwera mu 1551), mulibe mipata pakati pa mawu, ndipo zilembo zonse ndi zikuluzikulu. Chilembo cha sigima chimaoneka ngati C. Njira yosavuta ndi kufufuza liwu limodzi lodziwika la m'vesi 40, ΛΕΠΡΟC, wakhate, n'kutsika nalo mzere ndi mzere. Mu Sinaiticus tsamba lili ndi madanga anayi opapatiza, ndipo liwu lalitali likhoza kuduka pakati n'kukathera mzere wotsatira. Mu Bezae musamufune Maliko pambuyo pa Mateyu. Kumeneko dongosolo ndi Mateyu, Yohane, Luka, kenaka Maliko. Chigiriki chili pa tsamba la kumanzere, Chilatini pa tsamba la kumanja.

Mukafika pa liwulo, kulitsani chithunzi n'kulikopera chilembo ndi chilembo monga mmene lilili, osati monga mmene mukulikumbukira. Yang'anani ngati pali pofufutidwa, tizilembo towonjezera pamwamba pa mzere, kapena inki yosiyana, poti mabukuwa anadutsa m'manja mwa okonza ambiri. M'mabuku osindikizidwa, kanyenyezi pambali pa chilembo kamatanthauza dzanja loyamba, lisanakonzedwe. Kusinthana kwa ΕΙ ndi Ι kusakuvutitseni. Okopera ankalemba monga mmene zimamvekera, ndipo zotere sizilowa m'mawu a m'munsi. M'kope lanu zotsatira zake zioneke chonchi, pomwe d wamng'ono akuyimira tsamba la Chilatini la Bezae:

```
Maliko 1:41
01    σπλαγχνισθείς
D 05  ὀργισθείς    (d: iratus)
```

Kuyeza umboni

Apa ndiye pagona ntchito, ndipo si ntchito yowerenga mavoti. Mabuku chikwi chimodzi okopedwa kuchokera ku buku limodzi lolakwika amangobwereza cholakwa chomwecho. Chofunika n'kudziwa zaka za buku, kumene mawu ake anafalikira, ndi khalidwe la wolikopera.

Ku mbali ya chifundo Sinaiticus sali yekha. Codex Vaticanus, wa zaka zomwezo za m'ma 300, akugwirizana naye, chimodzimodzi Alexandrinus wa m'ma 400, ndi pafupifupi mabuku onse a Chigiriki amene ali ndi vesili. Ku mbali ya mkwiyo buku la Chigiriki ndi limodzi lokha, Bezae, pamodzi ndi mabuku ochepa a Chilatini chakale aja. Ambiri amalakwitsa powerenga liwu la Chilatini lakuti iratus, "atakwiya", la pa tsamba la kumanja la Bezae ngati mboni yachiwiri yoima payokha. Masamba awiriwo ndi buku limodzi, ndipo zimene zili kumanzere ndi kumanja zinkakokerana. Bezae amadziwikanso ndi mawu ambiri amene sapezeka kwina, makamaka mu Machitidwe a Atumwi, mmene nkhani yake ndi yaitali kuposa ya mabuku ena. Zikanakhala kuti funso ndi la mabuku okha, nkhani ikanathera pompa.

Koma pali funso lachiwiri, limene nthawi zambiri limalemera kuposa loyamba: ndi liwu liti limene lingafotokoze kubadwa kwa linzake? Wokopera wachikhristu atapeza kuti Yesu wakwiya pamaso pa munthu wodwala amene akumupempha, n'zomveka kuti akhoza kufewetsa n'kulemba chifundo. Zovuta kumvetsa n'zakuti munthu apeze chifundo n'kuchisandutsa mkwiyo mwadala. N'chifukwa chake akatswiri amati liwu lovuta kulilandira kawirikawiri limakhala loyambirira. Onaninso Mateyu 8:3 ndi Luka 5:13, pamene pali nkhani yomweyi: onse awiri sanatchule chifundo kapena mkwiyo. Ngati anagwiritsa ntchito Maliko polemba, monga ambiri amakhulupirira, kusiya mkwiyo kukumveka, poti anausiyanso pofotokoza nkhani za pa Maliko 3:5 ndi 10:14. Ndipo pa vesi 43 Yesu akumuchenjeza munthuyo mwamphamvu n'kumuchotsa nthawi yomweyo, zimene zikuyenda bwino ndi mkwiyo. Zifukwa zotere n'zimene zinachititsa kuti Chipangano Chatsopano china cha Chigiriki, SBLGNT ya 2010, chisindikize ὀργισθείς m'vesi mwenimweni.

Mbali inayo nayo ili ndi poyankhira. Ngati okopera ankachita manyazi ndi mkwiyo wa Yesu, bwanji anausiya pa 3:5 ndi pa 10:14 osaukhudza? Komanso lamulo la liwu lovuta limagwira ntchito pamene wokopera wasintha mwadala. Munthu wotopa amalemba zovuta mwangozi, ndipo mawu awiriwa amathera mofanana, -ΙCΘΕΙC, moti diso kapena khutu likhoza kuterereka. Kwa ife, umboni wa mabuku ndi wolemera kwambiri moti chifundo chiyenera kukhala m'vesi, koma mkwiyo uli ndi zifukwa zokwanira kuti owerenga asabisiridwe. Gulu lanu likhoza kugamula mosiyana. Chachikulu n'chakuti mulembe chifukwa chake m'mizere itatu kapena inayi m'kope la ntchito, kuti mlangizi wa zomasulira akadzafunsa pasadzakhale kukanda mutu.

Kulemba mawu a m'munsi

Owerenga wamba safuna zilembo ndi manambala. Akufuna kudziwa zinthu zitatu: vesi lake, mawu amene akukhudzidwa, ndi zimene mabuku ena amanena. Mu Paratext, pulogalamu ya pa kompyuta imene omasulira Baibulo amagwiritsa ntchito, zimalembedwa motere:

```
\v 41 Yesu atagwidwa chifundo,\f + \fr 1:41 \fq atagwidwa chifundo \ft Buku limodzi lakale la Chigiriki ndi ena ochepa a Chilatini amati \fqa atakwiya\ft .\f* anatambasula dzanja lake
```

Chizindikiro cha `\f` chimamatirira ku mawu popanda mpata, ndipo `+` imauza pulogalamu kuti iike yokha kachilembo koitanira owerenga m'munsi. Mukaiwala `\f*` kumapeto, mawu otsala a vesi amamezedwa n'kukatulukira m'munsi mwa tsamba. Mawu a pa `\fq` afanane ndendende ndi a m'vesi. Cholakwa chofala ndi ichi: gulu limasintha vesi pambuyo pake kukhala "atamva chisoni", koma m'munsi mukadali "atagwidwa chifundo", ndiye owerenga amafufuza mawu amene kulibe.

Samalani ndi kuchuluka kumene mukunena. Kungolemba kuti "mabuku ena amati" kumapereka chithunzi chakuti mabuku agawikana pakati, pomwe pano ndi limodzi la Chigiriki motsutsana ndi unyinji. Kulemba kuti "mabuku abwino amati" nakonso n'kuweruza mlandu m'malo mwa owerenga. Musayambenso ndi liwu lakuti "Kapena", chifukwa limeneli ndi la pamene Chigiriki ndi chimodzi koma chingamasuliridwe pawiri. Apa Chigiriki chenichenicho n'chimene chasiyana, ndipo owerenga azitha kusiyanitsa mitundu iwiri ya mawu a m'munsi pongoona chiyambi chake, kuyambira Mateyu mpaka Chivumbulutso.

Chichewa chili ndi msampha wakewake pa vesili. Lilime limathamangira kunena kuti "atamukwiyira" kapena "atamupsera mtima", koma ka "mu" kameneko kakuloza wakhateyo, pomwe Bezae sakunena amene Yesu anamukwiyira. Ena amati anakwiyira nthendayo, ena amati mawu a munthuyo akuti "ngati mufuna". Siyani "atakwiya" yekha, ndipo za amene anakwiyiridwa zikakambidwe pa phunziro la Baibulo.

Musanatumize tsambalo, muyeseni munthu wa mumpingo amene sanaphunzire Chigiriki. Mupempheni awerenge vesi mokweza, kenaka achotse mawu a pa `\fq` n'kuikapo a pa `\fqa`. Ngati chiganizo chikuyenda, "Yesu atakwiya, anatambasula dzanja lake", ndiye kuti mawu a m'munsi alowa bwino. Ngati akupunthwa, kapena akufunsa kuti kodi Baibulo lake ndi lolakwika, bwererani mukakonze chiganizo cha pa `\ft`.